Madzi Owala pa T2, Madzi Akuda pa T1: Poyambira Kuwerenga Zithunzi za MRI

Makina a MRI sajambula mutu wa munthu kamodzi kokha. Wodwala akagona mkati mwake kwa mphindi 20 kapena 30, malo amodzimodzi amajambulidwa kangapo, ndipo zithunzi zimene zimatuluka sizifanana. Pa chithunzi china madzi amene ali m'mphako za pakati pa ubongo amaoneka akuda bii. Pa chinzake madzi omwewo amawala mbee, kuposa china chilichonse m'mutumo. Chithunzi choyambacho ndi chotsamira ku T1, chachiwiricho ndi chotsamira ku T2. Madziwo sanasinthe, chasintha ndi kamvetsedwe ka makina. Wophunzira kuwerenga zithunzizi amayambira pomwepa, chifukwa maonekedwe a madzi amamuuza zinthu ziwiri: mtundu wa chithunzi chimene chili patsogolo pake, ndiponso malo amene madzi achuluka mosayenera, komwe nthawi zambiri ndi komwe kuli nthenda.

Chimene makina amamva

Pa ekisileyi fupa limayera nthawi zonse ndipo mpweya umada nthawi zonse, chifukwa chithunzicho chimangoonetsa mmene chinthu chikutchingira cheza. MRI imayenda njira ina. Imamvetsera haidrojeni, kanthu kamene kali m'madzi ndi m'mafuta a m'thupi. Pakati pa haidrojeni aliyense pali pulotoni imodzi, ndipo pulotoniyo ili ngati kamaginito kakang'ono kwambiri. Munthu akalowa mu maginito aakulu a makinawa, timaginito ta m'thupi mwake timapendekera mbali imodzi. Mphamvu ya maginito imayezedwa mu tesila, ndipo makina ambiri a m'zipatala ndi a tesila 1.5 kapena 3.

Kenako makina amatumiza mafunde a wailesi kwa kanthawi kochepa. Mafundewo amagwetsa timaginitoto cham'mbali, n'kutichititsa kuzungulira pamodzi mogwirizana. Mafunde akazima, timaginitoto timatulutsa chizindikiro chimene makina amatola, ndipo kompyuta imachisandutsa chithunzi. Pamene chizindikiro chili champhamvu pamawala, pamene chili chofooka pamada.

Nthawi ziwiri: T1 ndi T2

Mafunde akazima, zinthu ziwiri zimachitika nthawi imodzi, chilichonse pa liwiro lake. Choyamba, timaginito tija timadzuka n'kubwerera momwe tinaimira, ngati udzu umene mphepo inaugoneka. T1 ndi nthawi imene imapita kuti kudzukako kufike pa magawo 63 mwa magawo 100. Chachiwiri, kugwirizana kwa timaginitoto kumatha. Zili ngati gulu la anthu oomba m'manja: poyamba onse amaomba pamodzi ndipo phokoso limamveka kutali, koma wina akafulumira, wina akachedwa, phokosolo limabalalika n'kufooka. T2 ndi nthawi imene imapita kuti chizindikiro chitsike mpaka kutsala magawo 37 mwa magawo 100.

Chiwalo chilichonse chili ndi T1 yake ndi T2 yake, zoyezedwa mu mamilisekondi, ndipo sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000. Pa makina a tesila 1.5, mafuta amadzuka msanga: T1 yawo ndi mamilisekondi pafupifupi 250. Madzi a mu ubongo amachedwa kwambiri, ndipo T1 yawo ili cha m'ma 4,000. Pa T2 madzi amachedwanso. Chizindikiro cha mnofu wa ubongo chimafooka pa mamilisekondi 80 mpaka 100, pamene cha madzi chimakhalapobe mpaka cha m'ma 2,000.

Chifukwa chake chili m'kayendedwe ka madzi. Tizigawo ta madzi omasuka timagubuduzika mothamanga kwambiri, moti sitipereka msanga mphamvu yawo kwa zinthu zowazungulira, n'chifukwa chake amachedwa kudzuka. Kuthamanga komweko kumachititsa kuti timaginito toyandikana tisasokonezane, choncho timakhalitsa tili togwirizana. Madzi amene agwidwa ndi mapuloteni kapena apanikizika m'minofu sathamanga chotero, ndipo nthawi zawo zonse ziwiri zimafupika.

Mmene wojambula amasankhira

Wojambula ali ndi nthawi ziwiri zimene amazisintha pa makina. TR ndi nthawi imene amadikira asanatumizenso mafunde. TE ndi nthawi imene amadikira kuchokera pamene watumiza mafunde mpaka pamene akumvetsera chizindikiro.

Kuti chithunzi chitsamire ku T1, nthawi zonse ziwiri zimakhala zazifupi, mwachitsanzo TR ya mamilisekondi 500 ndi TE ya 15. Pa mamilisekondi 500 mafuta amakhala atadzuka magawo 86 mwa 100, pamene madzi angodzuka magawo 12 okha. Mafunde otsatira akafika, mafuta ali ndi zambiri zopereka, madzi alibe. Ndiye mafuta amawala, madzi amada.

Kuti chithunzi chitsamire ku T2, nthawi zonse ziwiri zimatalika, mwachitsanzo TR ya 4,000 ndi TE ya 100. Kudikira koyambako kumapatsa madzi mpata wodzuka ndithu. Kudikira kwachiwiriko kumalola kuti minofu ifooke makina asanamvetsere. Pa mamilisekondi 100 mnofu wa mkati mwa ubongo umakhala utatsala ndi magawo pafupifupi 30 mwa 100 a chizindikiro chake, pamene madzi akali ndi magawo 95. Ndiye madzi amawala, ubongo umatuwa.

Manambala a TR ndi TE amalembedwa pakona pa chithunzi kapena m'mafotokozedwe ake pa kompyuta. Pa zithunzi zojambulidwa m'njira yofala, TR yosapitirira 800 ndi TE yosapitirira 30 zimaloza ku T1, pamene TR yopitirira 2,000 ndi TE yopitirira 80 zimaloza ku T2. Pali njira zina zojambulira mwachangu zimene manambala ake satsata malire amenewa, n'chifukwa chake maso ayenera kuzolowera kuona madzi enieniwo.

Funso loyamba: chithunzichi n'cha mtundu wanji?

Malo owala alibe tanthauzo mpaka mtundu wa chithunzi utadziwika. Banga loyera pa T1 likhoza kukhala mafuta kapena magazi, pamene banga loyera pa T2 nthawi zambiri limasonyeza madzi. Choncho wowerenga amayamba wafunafuna madzi amene akudziwa kuti alipo mwa munthu aliyense, n'kuwasandutsa muyeso. M'mutu, muyeso ndi madzi a m'mphako za ubongo, a m'timikwasa ta pamwamba pa ubongo, ndi a m'diso. Pa msana ndi madzi ozungulira mtsempha waukulu wa mu msana. M'mimba ndi mkodzo wa m'chikhodzodzo, ndipo pa bondo ndi timadzi ta mu mfundo.

Muyeso wachiwiri m'mutu ndi ubongo womwewo. Ubongo uli ndi gawo lakunja lotuwa, mmene muli maselo ambiri, ndi gawo lamkati loyera, mmene mumadutsa minyewa yokutidwa ndi mafuta. Pa T1 gawo lamkati limawala kuposa lakunja, monga momwe ubongo umaonekera ukadulidwa. Pa T2 zimatembenuka: gawo lamkati limada kuposa lakunja. Mwa khanda la miyezi yochepa lamuloli siligwira, chifukwa minyewa yake sinamalize kukutidwa ndi mafuta ndipo ikali ndi madzi ambiri. Maonekedwe a munthu wamkulu amakhazikika mwana akamayandikira zaka 2.

Mafuta a pansi pa khungu si muyeso wodalirika. Pa T1 amawala, koma pa njira yachangu imene makina ambiri amajambulira T2 masiku ano amawalanso. Amene akuona mafuta owala n'kuganiza kuti chithunzicho ndi T1 amalakwa kawirikawiri. Madzi ndiwo amalekanitsa.

Funso lachiwiri: madzi ali pati?

Nthenda zambiri zimachulukitsa madzi m'minofu. Pamene pali kutupa, matenda a tizilombo, chotupa, kuvulala kapena mnofu umene wafa chifukwa magazi sakufikako, madzi amachuluka mkati mwa maselo kapena pakati pawo. Madzi akachuluka, T1 ndi T2 za malowo zimatalika, ndipo malowo amayamba kuoneka ngati madzi: amawala pa T2, amada pang'ono pa T1. Mu 1971 Raymond Damadian anaonetsa kuti zotupa za m'makoswe zili ndi nthawi zazitali kuposa minofu yabwino, ndipo zimenezi zinalimbikitsa maganizo akuti njirayi ingathandize kupeza nthenda. Paul Lauterbur ndi Peter Mansfield, amene anapeza njira zosandutsira zizindikirozi kukhala zithunzi, analandira mphotho ya Nobel mu 2003.

N'chifukwa chake zithunzi ziwirizi zimagawana ntchito. T2 ndi yofufuzira pamene pali vuto, popeza banga lowala pa mnofu wotuwa limaoneka msanga. T1 ndi yoonera kapangidwe ka ziwalo ndi malire ake, komanso yotsimikizira zimene T2 yaonetsa. Kuwala kwake kulinso ndi muyeso. Malo amene akuwala ndendende ngati madzi a m'mphako pa T2, n'kuda ndendende ngati madzi omwewo pa T1, akhoza kukhala thumba la madzi okhaokha. Malo amene akuwala pang'ono pa T2 n'kungotuwa pa T1 ndi mnofu wonyowa, osati dziwe.

Kusowa kwa madzi pamene amayenera kukhala kumalankhulanso. Pa T2 ya msana wa wachinyamata, timphira ta pakati pa mafupa timawala pakati chifukwa tili ndi madzi ambiri. Tikamakalamba timauma, n'kumada. M'mutu, ubongo ukatupa umafinya madzi a m'timikwasa tija, ndipo mizere yowala imene imazungulira ubongo pa T2 imachepa kapena kusoweratu. Kufinyika kwa malo a madzi kotereku n'kumodzi mwa zimene ofufuza amayang'ana pa ana odwala malungo a mu ubongo. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, makina a MRI a tesila 0.35 anayamba ntchito mu 2008. Kafukufuku amene Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo anafalitsa mu 2015 anaunika ana 168 odwala malungo amenewa. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri, pamene mwa ana 143 amene anapulumuka, otupa chotero anali 39.

FLAIR: chithunzi chimene chimasokoneza oyamba

Pa T2 pali vuto limodzi. Banga laling'ono lowala likakhala m'mphepete mwa mphako, kuwala kwa madzi a m'mphakomo kumalibisa, monga nyali yoyatsidwa masana. Pofuna kuthana ndi zimenezi pali chithunzi cha FLAIR. Makina amayamba atembenuza timaginito tonse chadodolido, kenako amadikira mamilisekondi 2,000 mpaka 2,500. Pa nthawi imeneyo madzi omasuka amakhala ali pakati pa ulendo wawo wobwerera, pamene alibe chizindikiro chilichonse, ndipo m'pamene makina amajambula T2. Zotsatira zake n'zakuti madzi omasuka amada, koma mnofu wotupa umawalabe, chifukwa madzi ake ndi ogwidwa ndipo anadutsa kale pakatipo.

Amene wangoloweza kuti madzi akuda ndi T1 amatcha FLAIR kuti T1. Muyeso wachiwiri uja ndiwo umamupulumutsa. Madzi akada ndipo gawo lamkati la ubongo likuwala kuposa lakunja, chithunzicho ndi T1. Madzi akada koma gawo lamkati lili lakuda kuposa lakunja, chithunzicho ndi FLAIR. Manambala amatsimikizanso, popeza TR ya FLAIR ndi yaitali kwambiri, nthawi zambiri yopitirira 8,000.

Chitsanzo chimodzi, sitepe ndi sitepe

Chitsanzo chophunzirira ndi ichi: munthu wamkulu amene mutu umamupweteka wajambulidwa, ndipo chakumanzere, kuseri kwa diso, kwaoneka malo aakulu masentimita 3 amene kumanja kulibe. Pa zithunzi za m'chipatala, kumanzere kwa wodwala kumakhala kudzanja lamanja la wowerenga, ndipo chilembo L kapena R cha m'mphepete chimatsimikiza mbali.

Wowerenga amatsegula chithunzi choyamba n'kuyang'ana mphako za ubongo. Madzi ake akuwala, gawo lamkati la ubongo lada kuposa lakunja, TE ndi 100. Imeneyi ndi T2. Malo aja akuwala mofanana ndi mphako, kuwala kwake n'kosalala, kopanda mabanga, ndipo malire ake ndi omveka. Ubongo woyandikana nawo wakankhidwa pang'ono koma sukuwala, kusonyeza kuti sunatupe.

Pa chithunzi chachiwiri, pa mlingo womwewo, mphako zada ndipo gawo lamkati la ubongo likuwala. Imeneyi ndi T1. Malo aja adanso mofanana ndi mphako. Mafuta akanawala apa, magazi a masiku angapo akanawalanso, choncho ziwirizi zachoka pa mndandanda. Pofika apa wowerenga anganene kuti malowo akuoneka ngati madzi, koma sanganenebe kuti ndi madzi.

Pa FLAIR malowo ada bii pamodzi ndi mphako. Pa DWI, chithunzi chimene chimawala pamene madzi akulephera kuyenda momasuka, malowo adanso. Wodwala atabayidwa gadoliniyamu, mankhwala amene amafupikitsa T1 ya malo amene afikako, T1 yojambulidwanso sinaonetse kuwala kulikonse m'mphepete kapena mkati. Malo amene akutsata madzi a mu ubongo pa zithunzi zonse, ali kunja kwa ubongo, ndipo sakutenga mankhwala, amagwirizana ndi thumba la alakinoidi, thumba la madzi la m'zikopa zokuta ubongo. Matumba ambiri otere munthu amabadwa nawo, sakula, ndipo amangopezeka mwangozi. Kupezeka kwake sikutanthauza kuti ndilo likupweteketsa mutu, ndipo dokotala amayenera kuunikabe zifukwa zina.

Zithunzi zomalizazo zikanasiyana, yankho likanasinthiratu ngakhale T1 ndi T2 zikanakhala pafupifupi zomwezo. Chotupa chotchedwa epidamoidi chimawala pa T2 n'kuda pa T1 ngati madzi, koma pa FLAIR sichida bwinobwino, chimaoneka chotuwa mwa mawangamawanga, ndipo pa DWI chimawala kwambiri. Chithupsa cha mu ubongo nachonso chimawala pakati pa T2 n'kuda pa T1, koma chimakhala mkati mwa ubongo, chimazunguliridwa ndi mnofu wotupa umene umawala pa FLAIR, khoma lake limawala ngati mphete gadoliniyamu akabayidwa, ndipo mafinya ake amawala pa DWI. Thumba lija nthawi zambiri limangoyang'aniridwa, pamene chithupsa chimafuna chithandizo mwamsanga.

Pamene lamuloli limathera

Si madzi onse amene amada pa T1. Madzi okhala ndi mapuloteni ambiri, monga mamina okhuthala otsekeredwa m'mphako za m'mphuno, amatha kutuwa kapena kuwala pa T1, ndipo akauma kwambiri amada pa T2. Magazi otuluka m'mitsempha amasintha maonekedwe malinga ndi masiku. Pa maola oyamba sawala pa T1. Pakapita masiku atatu kapena kuposerapo amayamba kuwala pa T1, ndipo pakatha sabata amawala pa T1 ndi pa T2 pomwe. Pakapita miyezi amasiya mzere wakuda pa T2 chifukwa cha ayironi wotsalira.

Madzi oyenda nawonso satsata lamuloli. Magazi othamanga m'mitsempha ikuluikulu amachoka pamalo makina asanamvetsere, choncho mitsemphayo imada pa T2 ngakhale kuti yadzaza madzi. Kuda kumeneku ndi chizindikiro chabwino, ndipo mtsempha umene wasiya kuda ukhoza kukhala wotsekeka kapena woyenda pang'onopang'ono. Madzi a mu ubongo akamathamanga m'njira zopapatiza amaonetsanso timabanga takuda pa T2 kapena towala pa FLAIR, timene si nthenda.

Palinso zinthu zimene zimada pa zithunzi zonse ziwiri chifukwa zili ndi haidrojeni wochepa womveka: mpweya, khungwa lolimba la fupa, ndi mitsempha yolumikiza mafupa ndi minofu. Malo akuda pa T1 sangatchedwe madzi mpaka T2 itaonetsa kuti akuwala. M'mafupa ndi m'mfundo, mmene mafuta a m'mafupa amawala pa T2 n'kubisa kutupa, wojambula amawonjezera chithunzi chozimitsa mafuta, monga STIR. Pa chithunzi chimenecho mafuta amada, ndipo chowala chilichonse chotsala chimakhala madzi kapena mnofu wonyowa.

Malire aakulu koposa ndi akuti kuwala kwa pa T2 kumasonyeza kuti madzi achuluka, koma sikunena chifukwa chake. Sitiroko, chotupa, chifuwa chachikulu cha mu ubongo ndi timabanga ta ukalamba zonse zimatha kuwala pa T2. Sitiroko ya maola ochepa imathanso kusaoneka pa T2 pamene DWI yaionetsa kale. Kulekanitsa zimenezi kumadalira malo a bangalo, kapangidwe kake, zithunzi zinazo, msinkhu wa wodwala ndi mbiri ya kudwala kwake, ndipo ndi ntchito ya dokotala wophunzira kuwerenga zithunzi. Gawo la woyamba ndi kutsata ndondomeko: kupeza madzi odziwika, kuzindikira mtundu wa chithunzi, kuyerekeza malo okayikitsa ndi madziwo pa T1 ndi pa T2, ndiyeno kuona ngati FLAIR, DWI ndi gadoliniyamu zikuvomereza kuti malowo ndi madzi okhaokha kapena ndi mnofu wodwala.